Kadontho Kotsatira "Cabwino"

Mwa mauthenga onse amene amayenda pa foni pakati pa Lusaka ndi kumudzi, wovuta kwambiri kuumva ndi wa liwu limodzi: cabwino. Zilembo zake ndi 7 cabe, koma lingatanthauze kuti ndamva, kuti ndavomera, kapena kuti ndakhumudwa ndipo tisakambenso. Munthu akalilankhula pakamwa, khutu limasiyanitsa zonsezi mosavuta. Pa foni khutu lilibe nchito, motero maso amafunafuna pogwira. Amagwira kadontho kothera ciganizo, kamene m'kalasi timakacha mpumiro ndipo mu komboni timangoti fulusitopu. Amagwiranso pamene mzere wadukira, ngakhalenso cizindikiro cimene cinayenera kukhalapo koma palibe.

Tiyeni tiwerenge uthenga umodzi mmene timawerengera ndakatulo. Tiyerekeze kuti mai wina wagonekedwa ku cipatala ca mishoni ca Minga, m'boma la Petauke, kufupi ndi msewu wa Great East ukacoka ku Nyimba. Amene akuwadwazika ndi mwana wao wamkazi. Mlongo wake wamkulu ali ku Mtendere mu Lusaka, mtunda wopitirira makilomita 300. Mtsikanayo wapempha ndalama ya zakudya ndi sopo, ndipo mkuluyo wayankha kuti adzatumiza mwezi ukatha. Yankho locokera ku Minga lingabwere m'njira zitatu:

cabwino

Cabwino.

Cabwino...

Loyamba limamveka ngati munthu wayankha ali pakati pa nchito, mwina akusuntha poto pamoto. Silitseka nkhani. Laciwiri, kwa wacinyamata wozolowera WhatsApp, limamveka ngati citseko cimene catsekedwa pang'onopang'ono koma ndi loko. Lacitatu limasiya citseko cosatseka, ndipo kuseri kwake kwaima munthu amene ali ndi mau koma sakuwanena. Mkulu wa ku Mtendere akaliona amayamba kudziweruza yekha.

N'cifukwa ciani kadontho kamene timaphunzitsa ana ku pulaimale kasanduka nkhope yokwinya? Papepala ziganizo zimatsatana mumzere umodzi, ndipo mpumiro ndiwo umaonetsa pamene cina cathera. Pa foni nchito imeneyo inatengedwa kale. Ukangodina potumiza, uthenga umakhala m'kabokosi kakekake, ndipo aliyense amaona kuti watha. Kadontho kakabwerabe pamenepo, wowerenga amafunsa cimene kadzera, popeza nchito yake yacitika kale. Yankho limene ambiri amapeza ndi lakuti wolembayo akufuna kuti mapeto amveke kawiri.

Zimenezi zinayesedwapo. Pa yunivesite ya Binghamton ku America, gulu lotsogozedwa ndi Celia Klin linaonetsa ophunzira 126 timakambirano tatifupi: wina akuitana mnzake kwinakwake, mnzakeyo akuvomera ndi liwu limodzi. Zotsatira zake zinatuluka mu 2015. Mayankho a pa foni othera ndi kadontho anaoneka osacokera pansi pa mtima powayerekeza ndi opanda kadontho. Pamene mau omwewo anaonetsedwa ngati olembedwa pamanja pa kapepala, kusiyana kumeneko kunalibe. Ndiye kuti kadontho pakokha kalibe ukali. Malo amene kaimapo ndiwo amakapatsa liwu.

Koma kafukufuku ameneyu tisamunyamule wathunthu n'kukamutula ku Minga. Anacitika m'Cingerezi, pakati pa ophunzira a msinkhu umodzi, ndipo anayesa mayankho a liwu limodzi. Cinenero cathu cili ndi zida zina zonyamulira mtima wa wolankhula, ndipo zida zake zili m'kati mwa mau enieniwo. Onani awa:

Tuma ndalama.

Tumizani ndalama.

Akulu, mutumizeko kandalama.

Onse atatu athera ndi kadontho, koma ukali wao ndi wosiyana kutalitali. Woyamba walamula mkulu ngati mwana. Waciwiri uli ndi "-ni" waulemu koma ukadali lamulo. Wacitatu waitana munthu ndi dzina la ubale, wafewetsa pempho ndi "-ko", ndipo wacepetsa ndalamayo ndi "ka-" kuti isaoneke ngati katundu. Pamenepa kadontho sikaluma, cifukwa ulemu wafika kale. N'cimodzimodzi m'Cinsenga cimene anthu a ku Minga amalankhula: ulemu umakhala m'mau. Kadontho kamapeza mphamvu pamene mau acepa. "Cabwino akulu, zikomo, tizayembekeza." ndi uthenga wofunda ngakhale uli ndi mpumiro. "Cabwino." wazizira cifukwa wavula zonse, dzina la ubale ndi zikomo yemwe, n'kusiya kadontho kokha kali cilili.

Pali cinanso cimene wa mu tauni amaiwala: foni imene ili m'manja mwa wotumiza. Pa foni ya mabatani, kadontho kamabisala pa batani la 1, ndipo ambiri saona cifukwa cokafunira. Uthenga wa SMS umalola zilembo 160, ndipo ukapitirira umawerengedwa ngati awiri, motero wolemba amapanikiza zonse pamodzi kuti tokotaimu isathe. Pa mafoni ambiri a masiku ano zinthu zili mbali ina: ukadina kawiri posiyira mpata, kadontho kamadziika kokha, ndipo cilembo coyamba cimakula cokha. Palinso atate ndi azakhali amene anaphunzira kulemba makalata asanagwirepo foni. Kwa iwo ciganizo copanda mpumiro cili ngati kulowa m'chalichi malaya osamanga mabatani. Kadontho kao ndi ulemu.

Ndiye tingadziwe bwanji ngati mlongo wa ku Minga wakwiya? Kwerani m'mwamba, muwerenge mauthenga ake akale. Ngati masiku onse amaika kadontho, ka lero sikanena ciliconse. Ngati masiku onse amalemba mothamanga, wopanda cizindikiro, akukuchulani "akulu", ndiye lero kwabwera liwu limodzi la cilembo cacikulu ndi kadontho, pamenepo imbani foni. Cimene cimalankhula ndi kupatuka pa cizolowezi. Wolemba ndakatulo amadziwa lamulo lomweli: mzere waufupi umagunda mtima pokhapokha ukatsatira mizere yaitali.

Tsopano kuduka kwa mzere. Tiyerekeze kuti usiku mtsikanayo akufuna kunena nkhani yabwino: "amama agona tulo tabwino lelo". Pa WhatsApp acinyamata timakonda kutumiza mau m'zidutswa, monga mmene timapumira polankhula:

amama

agona

tulo tabwino lelo

M'ndakatulo, kudula mzere pakati pa ganizo ndi luso. Wowerenga amalendewera kamphindi pa liwu lomaliza, kenaka diso limatsika n'kupeza zotsala, cifukwa mizere yonse ili kale papepala. Pa foni mzere wotsatira ungacedwe. Netiweki ikagwa kapena bando ikatha pambuyo pa cidutswa caciwiri, mkulu wa ku Mtendere atsala ndi mau awiri, "amama" ndi "agona", ocokera ku cipatala, usiku. Tonse tidziwa kuti mwambo wathu suchula imfa mwacindunji, timaizungulira ndi mau ofewa ngati amenewa. Mphindi zimene cidutswa cacitatu cikucedwa, munthuyo ali kale pamaliro, akuwerengera ndalama ya basi ya ku Intercity. Mau ndi omwewo, ndipo palibe bodza lililonse. Colakwika ndi pamene mpeni wagwera.

Kudula mizere kuli ndi pabwino pake. Uthenga umodzi wokhala ndi mizere itatu m'kati mwake, wotumizidwa kamodzi, umapatsa nkhani iliyonse mpando wake:

Amama adyako nsima
Dokota wabwera m'mawa
Sopo yatha

Palibe kadontho, koma palibenso cosokoneza, cifukwa kuduka kwa mzere kwagwira nchito ya mpumiro popanda kuzizira kwake. Ndipo onani mzere womaliza. Suli pempho, koma pokhala pothera, ndiwo umatsala m'mutu. Mtsikanayo wapempha ndalama osachula ndalama, monga mmene mwana woleredwa bwino amacitira kwa mkulu wake.

Nanga uthenga wopanda cizindikiro ciliconse? Kawirikawiri umamveka wapafupi, ngati munthu akulankhula muli khale pamphasa imodzi: "akulu musade nkhawa amama alipo bwino adyako lelo tizakamba mailo". Ukatalika n'kudzaza nkhani zoopsa, kusowa kopumira komweko kumamveka ngati wefuwefu wa munthu wothamanga. Koma ngozi yeniyeni ili pa funso. M'cinenero cathu "mwatumiza ndalama" lingakhale funso kapena cidziwitso, ndipo pakamwa timasiyanitsa ndi kakwezedwe ka liwu cabe. Likafika lopanda cizindikiro ca funso, mkulu amene sanatumize kanthu angaliwerenge ngati cipongwe, pamene mlongo wake amangofunsa kuti adziwe ngati apite ku kabuthi kotapira ndalama. Makolo anatisiyira mankhwala ake kale foni isanabwere: liwu lakuti "kodi". Ndi zilembo 4, ndipo silifuna kusakasaka batani.

Mpatuliro, uja timati koma, nawonso ungatembenuze nkhani. Mkulu akafunsa kuti "Ndibwere?", yankho lakuti "iyai musabwere acira" limamveka bwino. Koma akafunsa kuti "Akali kudwala?" n'kulandira "iyai acira", kaphokoso kocepa ka mantha kangamucititse kuwerenga kawiri. "Iyai, acira" amapumitsa diso pamalo oyenera, ndipo mtima umakhala pansi msanga.

Ena mwa aphunzitsi anzanga amati foni yaononga kalembedwe ka ana. Ine ndimaona kuti ana ambiri akugwiritsa nchito malamulo awiri, la pepala la mayeso ndi la pa foni, ndipo laciwirilo lili ndi dongosolo lake. Wacinyamata amene wamva kuzizira kwa "Cabwino." wawerenga mozama, mmene timafunira kuti aziwerengera ndakatulo. Pamene amalakwa ndi poganiza kuti aliyense amalemba ndi lamulo lake lomwelo, kuphatikizapo azakhali a foni ya mabatani.

Pa mauthenga onse taonawa, wolembedwa bwino koposa ndi uja wa mizere itatu. Wabwera wathunthu, kotero netiweki singaudule pakati. Wayamba ndi cimene munthu wakutali akufuna kumva coyamba, kuti amama adya. Sunafune kadontho kuti umveke, ndipo sunasiye timadontho titatu toti mkulu agone akuganizira. Wangonena kuti sopo yatha, n'kukhulupirira kuti wowerenga ndi mwana wa nyumba yomweyo.