Ngodya zisanu ndi imodzi popanda choyezera

Kuno ku Tsangano ndi ku Macanga, mmisiri akafuna kuyala maziko a nyumba yozungulira amakhoma chikhomo pakati, n'kumangirira chingwe, n'kuzungulira akulemba pansi ndi kamtengo. Ndi kampasi imeneyo, ndipo ndimagoma nayo chifukwa imatha zambiri.

Tinene kuti chingwecho n'chotalika mamita 2. Zulani chikhomo, mukachikhome pamzere wozungulirawo, mukoke chingwe mpaka kamtengo kadule mzerewo. Khomani pamene padulidwapo, mubwereze. Ulendo wachisanu ndi chimodzi mufika pomwe munayambira. Mukapitirira kapena kuperewera, chingwe chatamuka kapena mfundo yatsetsereka.

N'chifukwa chiyani? Tengani pakati paja ndi zizindikiro ziwiri zoyandikana. Chilichonse chatalikirana ndi pakati mamita 2, pakati pa ziwirizo palinso mamita 2. Mbali zitatu zikafanana chonchi, ngodya iliyonse imakhala madigiri 60. Ngodya zisanu ndi imodzi zotere zikakumana pakati zimakwana 360, kuzungulira kwathunthu, osasiya mpata. Choncho mukalumikiza zizindikiro zisanu ndi chimodzizo, mbali iliyonse ya chithunzi chotulukacho ndi mamita 2 omwewo, ngati chingwe. Euclid anatsimikizira zimenezi m'buku lachinayi la Elements.