"Ndimati ndifunseko": kalata yofunsa za l ndi r

Mng'ono wanga ali chaka choyamba ku koleji ina, ndipo tchuthi chapitachi tinali limodzi kwathu ku Bembeke, ku Dedza. Tsiku lina madzulo tikuwotha moto anandipatsa foni yake kuti ndimuonereko kalata asanaitumize kwa mphunzitsi wake wa Chichewa. Wandilola kuti ndiyiike pano:

"Okondedwa Aphunzitsi,
Pepani kuti ndakusokonezani pa tchuthi. Ndimati ndifunseko za manotsi amene munatipatsa aja. Pa tsamba 3 palembedwa kuti e kapena i amatsatiridwa ndi r osati l, monga bwera ndi mbiri. Koma pa tsamba 7 ndapezapo ndili komanso chilembo. Mwina ndine amene sindinawerenge bwino. Mungandithandizeko kuti pa mayeso tidzatsate ziti?
Ine wophunzira wanu."

Chimene chinandisangalatsa n'chakuti ulemu wa kalatayi suli pa "pepani" uja ayi, uli m'aneni. Taonani "ndimati ndifunseko". Mwanayu akufunsa lero lomwe, koma waika kufunsako m'nthawi yapitayi, ngati kuti ndi ganizo chabe lomwe angathe kulisiya aphunzitsi akakhala kuti atanganidwa. Timatero tonse tikafika pakhomo pa munthu wamkulu: "ndimati ndikuoneniko". Kenaka -ko uja akuchepetsa pempho, kuti lisamveke ngati lamulo.

Koma luso lenileni lili pa aneni awiri oyandikana. Pa chinthu chabwino wawatchula aphunzitsiwo: "munatipatsa". Atafika pa vuto, wochita ntchito wasowa: "palembedwa". Akanati "munalemba kuti", kalata yonse ikanasanduka mlandu. Apa mawu akuoneka ngati angomera okha pa tsamba 3, ndipo mphunzitsi angathe kukonza cholakwikacho popanda kuvomera kuti ndi chake. Manambala a masamba ndi zitsanzo zinayi zija nazo n'zaulemu: sizikuwatayitsa nthawi yofufuza.

Pali ziganizo ziwiri zimene sindinagwirizane nazo. Choyamba ndi "mwina ndine amene sindinawerenge bwino". Ndikudziwa kuti kwathu mwana sauza wamkulu kuti walakwa, amayamba wadziimba yekha mlandu. Komatu iyeyu anawerenga bwino kwambiri, ndipo chiganizochi chikupatsa mphunzitsi wotopa yankho laulere lakuti "kawerengeninso".

Chachiwiri ndi funso lotsiriza. "Tidzatsate ziti" akutanthauza kuti tsamba lina ndi lolondola, lina lolakwa. Sizili choncho. Masamba onse awiri akunena zoona, kungoti lamulo la pa tsamba 3 lalembedwa theka. M'Chichewa l ndi r ndi liwu limodzi. Palibe mawu awiri amene tanthauzo lawo limasiyana chifukwa cha malembo awiriwa okha. Kusankha lembo ndi nkhani ya kalembedwe basi, ndipo malamulo amene timaphunzira kusukulu, ochokera ku Chichewa Board, amati r amatsatira e kapena i m'kati mwa tsinde. Ngati i uja ndi wa mphatikiri wa kumayambiriro kwa mawu, l woyamba tsinde sasintha. Mu ndili, tsinde ndi -li, lomwe lija la ali ndi muli, ndipo i ndi wa ndi-. Chilembo ndi chi- wophatikizidwa ku tsinde lomwe lili mu kulemba.

Mawu amene ndimakonda kupimira lamuloli ndi ndilira. Muli i kawiri. Woyamba ndi wa mphatikiri, choncho l wakhala. Wachiwiri ali m'kati mwa -lira, choncho pabwera r. Mukakayika, chotsani mphatikiri n'kuikapo ku-: mukapeza kulira, mwadziwa kuti tsinde likuyamba ndi l. Maina okha ndiwo osapimira, chifukwa ambiri analembedwa malamulowa asanakhazikike. Tili ndi Chilembwe, tilinso ndi Chiradzulu ndi Chiromo.

Ndiye ndinamuuza kuti funso lake likhale lakuti, "Kodi pali mbali ina ya lamuloli yokhudza mawu ngati amenewa?" Funso limeneli ndi laulemu kuposa loyamba lija, chifukwa likuganizira kuti aphunzitsi akudziwa chinthu chimene sichinalowe m'manotsi, osati kuti adzitsutsa okha. Likuwakakamizanso kufotokoza. Loyamba lija akanatha kungoyankha kuti "tsamba 3", ndiye mwana n'kukalemba ndiri ndi chirembo pa mayeso n'kuchotseredwa malikisi.

Funsolo anasinthadi. Koma chiganizo cha "mwina ndine" anakana kuchichotsa. Akuti, "Inu mwamaliza kale, ine malikisi anga akadali m'manja mwawo." Kalata inapita nacho chomwecho.