Tsamba Limodzi la a Kalaliki

Mu 1989 magazini ya Journal of Religion in Africa inasindikiza nkhani ya Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Holland, amene anakhala zaka zambiri ku chigwa cha Shire akufufuza za Mbona wa ku Khulubvi. Nkhaniyo ndi yamasamba opitirira 20, Chingerezi chake n'cholimba, ndipo funso lake n'lakuti kodi Mkhristu wamba wa mu Africa akamaganiza za Yesu amamufanizira ndi yani. Akatswiri a zaumulungu anali atayesa mayina angapo. Ena anati ndi mfumu, ena anati ndi kholo, monga anachitira Charles Nyamiti wa ku Tanzania m'buku lake la mu 1984. Schoffeleers anati tiyambe tamvetsera anthu a m'midzi, pakuti kwa iwo chithunzi chapafupi ndi cha sing'anga. Anaonjezanso kuti kufanizirako kumayenda uku ndi uku: Yesu amaonedwa ngati sing'anga, mbusa amagwira ntchito ngati sing'anga, ndipo asing'anga ena nawo amavekedwa mbiri yofanana ndi ya Yesu.

Nkhani imeneyi ndi imene inapatsidwa kwa gulu lina la ophunzira zaumulungu la kwa Nchilamwela, anthu apantchito amene amawerenga usiku n'kumakumana Loweruka m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi. Lamulo la semina yawo n'losavuta kunena koma n'lovuta kusunga. Onse amawerenga, koma mmodzi amalemba yankho la tsamba limodzi, mawu osapitirira 400, loti awerenge m'mphindi zisanu kuti zokambirana ziyambirepo. Ulendo uwu udindowo unagwera bambo wina, mkulu wa mpingo, amene masana amakhala pa sikelo kulemba makilogalamu a masamba a tiyi pa esiteti. Anzawo amangowatchula kuti a Kalaliki. Tsamba limene analembalo ndimalisirira, ndipo kope limene analikonzeramo ndinaliona ndi maso.

M'kopemo, kumanzere kwa tsamba, anali atalemba manambala a ndime za nkhaniyo kuyambira yoyamba mpaka yomaliza. Pa nambala iliyonse sanalembe zimene ndimeyo ikunena, koma ntchito imene ikugwira. Apa mlembi akufotokoza maganizo a ena. Apa akuwatsutsa. Apa akupereka chitsanzo. Apa ndiye akunena zake. Anandiuza kuti ulendo woyamba amawerenga cholembera chili m'thumba, kuti angomva kumene nkhani ikulowera, ndipo manambalawo amabwera pa ulendo wachiwiri. Phindu lake limaoneka msanga. M'nkhani zovuta za zaumulungu mlembi amatha masamba ambiri akufotokoza mokhulupirika maganizo amene iye sagwirizana nawo, ndipo wowerenga wothamanga amamunamizira kuti ndi ake. Ndamvapo ophunzira akudzudzula mlembi ndi ukali wonse pa mfundo imene mlembiyo anaitsutsa yekha masamba awiri kutsogolo. Ukalemba ntchito ya ndime iliyonse, msampha umenewo umauona usanaupondemo, komanso umapeza kuti ndime zimene zanyamula mfundo ya mwini wake n'zowerengeka.

Kenako panali tsamba lodzaza ndi chiganizo chimodzi cholembedwa n'kufufutidwa kangapo. Apa ndi pamene luso lawo linandigwira mtima. Poyamba analemba kuti Schoffeleers akuti Yesu ndi sing'anga. Anadula mzere pamenepo. Pansi pake analemba kuti Schoffeleers akuti mpingo uziphunzitsa kuti Yesu ndi sing'anga. Anadulanso. Chimene chinatsala chinali chakuti, malinga ndi mlembiyu, Akhristu ambiri a kuno amamvetsa chipulumutso cha Yesu kudzera m'ntchito imene amaidziwa ya sing'anga, ngakhale kuti akatswiri ndi atsogoleri a mipingo amachita nacho manyazi chithunzichi. Ziganizo zitatuzi zikuoneka ngati zapachibale, koma chilichonse chikufuna umboni wosiyana. Choyamba ndi chiphunzitso, ndipo chingayesedwe ndi Malemba. Chachiwiri ndi malangizo, ndipo chingayesedwe ndi zotsatira zake. Chachitatu chikunena zimene anthu amachita, choncho chingayesedwe poona ngati anthuwo amachitadi zimenezo. Schoffeleers analemba ngati katswiri wa chikhalidwe cha anthu, ndipo chiganizo chachitatucho ndicho akanachivomereza kuti n'chake. A Kalaliki amati muyeso wawo ndi womwewo: mwini nkhani atalowa pakhomo n'kumva chidulecho, agwedeze mutu kuvomereza, asanamve n'komwe kuti mukutsutsa pati.

Chidulecho analemba m'Chichewa choyamba, ngakhale tsamba lomaliza linali m'Chingerezi. Chifukwa chake n'chomveka. M'Chingerezi munthu ungathe kubwereza mawu akuluakulu a mlembi osawamvetsa, ndipo palibe angakugwire. Ukafuna kufotokozera mayi wa chigwirizano m'chinenero cha kunyumba, pamene sunamvetse pamaonekera poyera.

Mfundo zotsutsa anali nazo zinayi, ndipo anataya zitatu. Wothyola tiyi wodziwa ntchito amatenga masamba awiri ndi kansonga, ena onse n'kuwasiya pa mtengo ngakhale ali obiriwira, ndipo iwo anachita chimodzimodzi. Yoyamba kutayidwa inali imene aliyense m'chipindamo ankaiyembekeza, ya Deuteronomo 18, pamene kuombeza ula kukuletsedwa. Mfundoyo si yabodza, koma ikuyankha funso limene mlembi sanafunse. Iye sanapemphe Mkhristu kuti apite kukaombeza. Yachiwiri inali yakuti sing'anga amalipiritsa pomwe chisomo n'chaulere, ndipo anaisiya poona kuti fanizo lililonse limalekeza penapake, ngakhale la mfumu kapena la kholo, kotero kungonena kuti likulekeza sikuphunzitsa kanthu. Yachitatu inali yakuti mlembi ndi mzungu. Imeneyi anaifufuta mwamphamvu mpaka pepala linabooka, chifukwa munthu amene anakhala pakati pa Amang'anja nthawi yaitali chotero samutsutsa ndi khungu lake, amamutsutsa ndi umboni.

Imene anasunga inachokera m'kati mwa nkhani momwemo, ndipo n'chifukwa chake inali yolemera. Anayamba ndi kuvomereza. Anati mlembi waona zoona, pakuti m'nyimbo ndi m'mapemphero a kumalayini a pa esiteti Yesu amaitanidwa ngati wochiritsa ndi woteteza kuposa dzina lina lililonse. Atatero anakumbutsa kuti ntchito ya sing'anga ili pawiri: amachiritsa, komanso amatchula amene wabweretsa tsokalo. Anapereka chitsanzo cha pafupi, cha mchape wa m'zaka za m'ma 1930, umene mbiri yake imaloza ku Mulanje kwa munthu wotchedwa Kamwiri, yemwe ankanenedwa kuti anafa n'kuuka. Apo pali sing'anga wovekedwa mbiri ya Yesu, monga momwe Schoffeleers akunenera, koma ntchito ya gululo inali kusaka ufiti mudzi ndi mudzi, kusonkhanitsa nyanga ndi kumwetsa anthu mankhwala. Pambali pake anaika Yohane 9, pamene ophunzira a Yesu akufuna kudziwa amene anachimwa kuti munthu abadwe wosaona, ndipo Yesu akukana kuloza munthu aliyense, n'kungomuchiritsa. Ziwirizi anangoziika moyandikana, osathira ndemanga yaitali, ndipo anatseka ndi funso ili: "Ngati anthu athu amamuona Yesu ngati sing'anga, ndipo mbusa akulowa m'malo omwewo, n'chiyani chimene chingaletse mbusayo kutenganso ntchito yoloza chala?"

Funsoli ndimaliona kuti ndi labwino pa zifukwa zimene zingathe kuyesedwa. Silingayankhidwe ndi inde kapena ayi. Silikufuna buku lina limene anzawo sanawerenge. Ndipo likukhudza chinthu chimene aliyense m'chipindamo anachionapo, chifukwa amene amalozedwa chala m'midzi mwathu kawirikawiri ndi agogo okalamba, ngakhale kuti lamulo la za ufiti la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. A Kalaliki anali atalemba za lamulolo m'kope, koma pa tsamba lomaliza sanaliike. Anadziwa kuti wina alitchula yekha, ndipo linatchulidwadi.

Kagawidwe ka mawu 400 aja kanali kosafanana mwadala. Chidule cha mfundo ya mlembi chinatenga pafupifupi mawu 100, kuvomereza kunatenga ziganizo ziwiri, ndipo theka la tsamba linapita ku mfundo imodzi ija ya kuloza chala. Mayankho ambiri amene ndawamvapo amatembenuza zimenezi: amatha mphindi zinayi akubwereza nkhani imene aliyense wawerenga kale, ndipo nthawi ikatha amangoti nkhaniyi ndi yothandiza kwambiri ku mpingo. Chizindikiro cha yankho lotere n'chakuti likatha m'chipinda mumangoti zii, mpaka mphunzitsi ayambe kuitana anthu ndi mayina. A Kalaliki anawerengeratu tsamba lawo mokweza kunyumba, wotchi ili patebulo, ndipo poona kuti akupyola nthawi anachotsa ndime yonse yoyamba, imene inali yothokoza chabe ndi kufotokoza mbiri ya mlembi.

Panali chinthu chimodzi chimene anachinena poyera m'chiganizo chachifupi chapakati: kuti yankho lawo silikukhudza kwenikweni zimene mlembi akunena za akatswiri a zaumulungu ndi chifukwa chimene amapewera chithunzi cha sing'anga. Kunena malire ako motero kumateteza mlembi kuti asaoneke ngati ananena chinthu chimodzi chokha, komanso kumapatsa anzako khomo lina lolowera. Pamenepa ndi pomwe ndingati tsambalo likanatha kupita patsogolo pang'ono, chifukwa mwina akatswiriwo ankaopa chinthu chomwecho chimene a Kalaliki anachifunsa, ndipo chiganizo chimodzi chikanalumikiza ziwirizi.

Atamaliza kuwerenga, mayi wina wa m'gululo sanadikire kuitanidwa. Anati, "Bambo, mwaloza pabwino, koma anthu akapanda kumva kwa abusa kuti tsoka lachokera kuti, Lolemba m'mawa amakafunsa kwina." Bambo wina anayankha kuti ndiye ntchito ya mlaliki ili pomwepo, kusonyeza Yesu wochiritsa amene safuna mfiti yoti aitchule, ndipo anatsegula Marko 3, pamene Yesu mwiniyo akunamiziridwa kuti amatulutsa ziwanda ndi mphamvu ya Belezebule. Anati wonamiziridwa chotero waima mbali ya olozedwa chala, osati ya oloza. Abusa amene ankatsogolera seminayo anasiya mafunso amene anakonzeratu, ndipo anagawa gululo pawiri kuti mbali imodzi iteteze Schoffeleers ndi ndime zake zenizeni, ina iteteze funso la a Kalaliki, aliyense akutchula tsamba ndi ndime imene waimapo.