Stevens Akunama Liti, Akudzinamiza Liti?

Mu nthano za Kalulu, wabodza sativuta kumugwira. Wosimba nthano amakhala ali pambali, ndipo Kalulu akamapusitsa Njovu ife timadziwiratu chilungamo chake. Zinthu zimavuta mlembi akachotsa mboni yoteroyo, n'kusiya nkhani yonse m'kamwa mwa mtengambali mmodzi. Kazuo Ishiguro anachita zimenezi m'buku la The Remains of the Day la 1989. Wosimba ndi Stevens, mkulu wa antchito a m'nyumba ya Darlington Hall ku Mangalande, amene mu 1956 akuyenda pa galimoto ya bwana wake watsopano, Farraday, kukaona Kenton, mayi amene ankagwira naye ntchito kale.

Poyambira pabwino ndi pakamwa pa anthu ena. Wosimba angabise maganizo ake, koma kuti nkhani iyende amakakamizika kubwereza zomwe anzake ananena, ndipo apo m'pamene chinsinsi chimadontha. Mu 1923, usiku womaliza wa msonkhano waukulu wa alendo a m'mayiko ena, bambo ake a Stevens akumwalira m'chipinda cham'mwamba iye ali pansi kuthirira alendo vinyo. Satiuza kuti mtima ukumupweteka. Koma mnyamata Cardinal akumufunsa ngati ali bwino, kenako bwana wake wa nthawiyo, Darlington mwiniwake, akuti akuoneka ngati akulira. Stevens akuyankha kuti n'kutopa basi, ndipo pomaliza akutiuza kuti usikuwo amaukumbukira monyadira chifukwa ntchito inayenda. Anthu awiri opanda chifukwa chonamira aona misozi imene wosimba sanaitchule. Wowerenga akhulupirire iwowo.

Komatu limeneli silinakhale bodza lenileni. Wabodza amadziwa choona pa nthawi imene akuyankhula, amakhala ndi womunamiza, ndipo pamakhala chimene akupindula. Tayesani muyeso umenewu pa tsiku limene mlendo wa ku Amerika, Mayi Wakefield, anamufunsa ngati anagwirapo ntchito kwa Darlington. Stevens anakana, chonsecho anamutumikira zaka 35. Apa palibe chokayikitsa. Akudziwa, womunamiza ali pamaso pake, ndipo phindu likuoneka, poti dzina la Darlington linaipa chifukwa choyanjana ndi a Nazi.

Chokoma chikubwera pambuyo pake. Farraday atakhumudwa, Stevens akumuuza kuti ndi mwambo wa Angelezi kusakamba za mabwana akale. Kwa ife akupereka chifukwa china, chakuti safuna kumva anthu akunyoza bwana wake, ndipo akulimbikira kuti sachita naye manyazi. Chinthu chimodzi, zifukwa ziwiri, kuonjezapo kukana mlandu umene palibe wamuimba. Ndiponso aka si kokha; pa ulendowu akukananso chimodzimodzi kwa munthu wina amene anamuthandiza galimoto itavuta. Ine ndimati kwa Mayi Wakefield ananama, kwa Farraday anazemba, koma kwa ife akudzinamiza. Akuvomera bodza laling'onolo mosavuta chifukwa likumuteteza ku mawu amene sangathe kuwatulutsa, oti moyo wake anaupereka kwa munthu wosokera.

Kalata imene Kenton anamulembera asananyamuke pa ulendowu ikuyenda njira yomweyo. Poyamba Stevens ali wotsimikiza kuti mayiyo akufuna kubwerera ku ntchito. Akaiwerenganso akuvomera kuti palibe pamene analemba zimenezo. Wosimba akamabweza mawu ake pang'onopang'ono chonchi, funsani chimene iye akulakalaka.

Pali msampha umene ophunzira ambiri amagwamo: akangogwira wosimba kamodzi, amayamba kukana chilichonse. Wowerenga wotere sangathenso kutsutsa kanthu, chifukwa umboni wonse wotsutsira Stevens wachokera kwa Stevens yemweyo. Pa zochitika, pa amene analowa m'chipinda ndi zimene ananena, munthuyu ndi wosamala, moti akasokoneza tsiku amabwerera kudzakonza. Amapotoza tanthauzo la zinthu, makamaka zikakhudza bambo ake, Darlington kapena Kenton. Kukayika kwathu kupite kumeneko.

Ndipo pena muyeso sugamula. Darlington atalamula kuti atsikana awiri achiyuda, Ruth ndi Sarah, achotsedwe ntchito, Stevens anamvera osatsutsa, pamene Kenton anakwiya mpaka kuopseza kuti asiya ntchito. Patapita pafupifupi chaka, Darlington atanena kuti kunali kulakwa, Stevens akuuza Kenton kuti nkhaniyo inamupweteka iyenso. Phindu la bodza lilipo, ndipo nthawi yake ikukayikitsa, poti wayamba kudandaula bwana atasintha maganizo. Koma tinaona kale kuti munthuyu amatha kulira osavomera. Pa tsiku lochotsa atsikanawo palibe Cardinal wotiuza za nkhope yake. Ine ndimapendekera koti zinamupwetekadi, koma amene anganene kuti akungotsatira bwana wake ngakhale pa kulapa ali ndi umboni wolingana ndi wanga.