Telala wa pakhonde ndi foni yake

Matelala a pakhonde ku Ndirande ena aphunzira kugwiritsa ntchito foni mwanzeru, ndipo ine ndikuwayamikira. Akamaliza kusoka diresi la chitenje, amalisita, kulipachika pakhoma loyera, kulijambula dzuwa lisanalowe, kenako n'kuika chithunzicho pa WhatsApp Status. Mawa amachitanso chimodzimodzi, popeza chithunzi cha pamenepo chimafufutika pakatha maola 24. Amene amachiona ndi anthu omwe anasunga kale nambala ya telalayo: mayi wa kumsika, mlembi wa kwaya, mtsikana amene akukonzekera chinkhoswe. Awa ndiwo angathe kukwera minibasi kudzayezetsa m'chiuno ndi m'mapewa, n'kusiya ndalama ya chikole.

Ena amati kanema mmodzi akangofalikira pa TikTok, telala watchuka basi. Kutchukako kumachitikadi, koma ambiri oonera ali ku Lilongwe kapena ku Joni, ndipo diresi silisokedwa bwino popanda muyeso. Ngakhale onse ataitanitsa, makina ndi amodzi, miyendo yopalasa ndi iwiri. Maoda akachuluka tsiku lolonjeza limaphonyeka, zipi imasokedwa mothamanga, mbiri n'kuipa m'dera momwemo. Enanso amadandaula za bandulo, koma zithunzi ziwiri patsiku zimadya pang'ono poyerekeza ndi kanema. Phindu la kuika zithunzi mosadumphadumpha limaoneka mochedwa: woona yunifolomu ya sukulu mu Julayi amadzakumbukira telalayo mu Sepitembala, sukulu zikamatsegulira. Kasitomala wotere amabwera atadziwa kale kasokedwe kake, ndipo sanenerera mtengo kwambiri.