Nthabwala ya besitimani pamaso pa apongozi

Mawu a besitimani ndi mwambo wobwera. Ku Mangalande, paphwando la ukwati amayamba kulankhula ndi bambo a mkwatibwi, kenako mkwati, ndipo mnzake wapamtima wa mkwati ndiye amatsekera. Ntchito ya mnzakeyo ndi kunyogodola mkwati pagulu mwachikondi, kuti anthu aseke. Achinyamata athu ambiri, makamaka amene akukhala kunja, amalemba mawu oterewa m'Chingerezi, ndipo akafika kumudzi amauzidwa kuti muholo mudzakhala agogo, azakhali ndi amfumu, choncho alankhule Chichewa. Apa ena amangotembenuza chiganizo ndi chiganizo. Ine ndimati pamenepo ntchito sinayambe, chifukwa chimene chimasiyana kwambiri pakati pa maukwati awiriwa ndi funso lakuti ndani ali ndi chilolezo choseka yani, ndiponso pamaso pa yani.

Kwathu nthabwala ili ndi njira zake. Munthu amaseka ndi msuweni wake, amanyogodola mlamu wake, ndipo agogo amatha kutchula mdzukulu kuti mwamuna wawo, anthu n'kumaseka popanda chovuta. Koma apongozi saseweretsedwa. M'midzi yambiri mkamwini akakumana nawo panjira amapatuka, ndipo kudya nawo mbale imodzi sikuchitika. Muholo ya ukwati maubale onsewa amakhala pamodzi, akuchimuna mbali iyi, akuchikazi mbali iyo, ndipo mbali iliyonse ikupima inzake kuti ione mtundu wa anthu amene mwana wawo wakalowako. Besitimani akatsegula pakamwa, akuchikazi amamva ngati wolankhulayo ndi banja lonse la mwamuna.

Nditenge chitsanzo cha mawu amene ndinathandiza kukonza. Anawalemba mnyamata wokhala ku Leeds, ndipo ukwati wa mnzake unali ku Lilongwe. Munali nthabwala zinayi zikuluzikulu: ya zibwenzi zakale za mkwati, ya apongozi aakazi olongolola, ya kuti mkwati satha ngakhale kuwiritsa dzira, ndi ya timu yake ya mpira ya Arsenal imene inkamuliritsa chaka ndi chaka.

Ya zibwenzi tinaichotsa yonse, ndipo sindinavutike nayo mtima. Mawu onenedwa pa maikolofoni tsiku la ukwati saiwalika. Amadzatuluka pakapita zaka, banja litagwedezeka, ankhoswe atakhala pansi kuti amve nkhani, wina n'kunena kuti ngakhale mnzake yemwe anaulula pagulu.

Ya apongozi ndiyo inafuna luso. Mnyamatayo sanafune kuitaya, poti anaiona kuti ndiyo yoseketsa kuposa zonse. Chimene tinachita ndi kutembenuza mkondo. M'malo moseka mayi a mkwatibwi, tinaseka mantha a mkwati. Ndinamufunsa mnyamatayo ngati akudziwa chimene chinachitika tsiku limene mnzakeyo anakaonekera koyamba kwawo kwa mkazi, ndipo anati anamuperekeza yekha. Mkwatiyo, munthu wolankhula molimba mtima pamisonkhano ya kuntchito, anapatsidwa mpando koma anakana n'kunjuta pansi, ndipo atafunsidwa za kwawo anayankha kuti ali bwino kaya iwo. Nkhani iyi inaseketsa mbali zonse ziwiri, ndipo akuchikazi anaimva ngati chiyamikiro, popeza inasonyeza kuti mkamwini wawo amawaopa ndi kuwalemekeza. Ndikutsindika kuti nkhaniyo inali yoona. Wokonza mawu asapeke chochitika kuti alowetse m'malo mwa nthabwala yochotsedwa, chifukwa muholomo muli anthu amene analipo tsikulo, ndipo bodza likangodziwika, ngakhale mawu oyamikira a kumapeto amapepuka.

Ya dzira inali yosavuta. Kuwiritsa dzira si muyeso wa kuphika kwa ife. Muyeso ndi nsima, ndipo anyamata awiriwa anakhalapo nyumba imodzi ali pasukulu, kotero nsima ya mibulu ya mkwatiyo inali mbiri yodziwika. Koma tinasamala kuti isathere pa mawu akuti tsopano wapeza womuphikira, chifukwa zikanatsitsa mkwatibwi, amenenso ali ndi ntchito yake. Tinaimaliza ndi pempho kwa azakhali a mkwati kuti asabwerere kumudzi asanamugwiritse mthiko.

Ya mpira sitinaikhudze. Pali chizolowezi choganiza kuti dzina lililonse lakunja lisinthidwe, Arsenal ikhale Bullets kapena Wanderers. Koma amene anakhalapo m'nyumba zoonetsera mpira za m'matauni athu Loweruka masana akudziwa kuti matimu a ku Mangalande ali ndi owatsatira kuno ngati kwawo. Kunena kuti mkwati ndi wa Manoma pomwe aliyense akumudziwa ndi jezi yofiira ya Arsenal kukanakhala kumunamizira. Chosinthidwa ndi chokhacho chimene omvera sangachione m'maso mwawo. Sitima yochedwa ya ku Leeds, mwachitsanzo, inasanduka minibasi yodikira kudzaza, ndipo zinatheka chifukwa nthabwalayo inali yofanizira chabe, sinali nkhani ya tsiku lenileni.

Nthabwala ikasankhidwa bwino imathabe kufa ndi kaumbidwe ka chiganizo. Mawu oseketsawo ayenera kukhala omalizira, pasakhalenso china pambuyo pake. Wotembenuza mwachisawawa amawaika pakati, n'kupitiriza kulongosola, anthu osadziwa poti asekere. Chichewa chili ndi chida chake pamenepa, ndicho mvekero. Pa nkhani ya apongozi ija, chiganizo chomaliza sichinali chakuti mkwati anasowa chonena chifukwa cha mantha. Chinali chakuti: amalume atabwereza funso, mnzangayu kukamwa yasa, maso tong'o. Atatero besitimani anangokhala chete, holo n'kumalizitsa yokha.

Palinso nkhani ya inu ndi iwe, imene pepala la Chingerezi silisonyeza konse. Tsiku limenelo mkwati ndi munthu wamkulu, ndipo kumutchula iwe kuyambira poyamba mpaka pomaliza kumawawa m'makutu mwa makolo. Tinamusunga pa inu m'mawu onse, kupatula malo amodzi. Chakumapeto besitimani anatembenukira kwa mnzakeyo n'kunena kuti, iwe mnzanga, wasankha bwino. Chifukwa chakuti anali atamulemekeza nthawi yonseyo, iwe mmodziyo anamveka ubwenzi wa zaka zambiri.

Nthawi nayonso imadya pepala. Chingerezi chimalonjera anthu onse ndi mawu ochepa, pomwe kuno muyenera kutchula abusa, amfumu ngati alipo, ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi makolo, aliyense pamalo pake, ndipo kudumpha mmodzi ndi mlandu woposa nthabwala yosaseketsa. Wotsogolera mwambo naye akuyang'ana wotchi, poti perekaniperekani ndiye amatenga masana onse. Choncho malonje akalowa, china chiyenera kutuluka. Ife tinachotsa ndime ya malangizo a m'banja. Ena amaidzaza ndi miyambi poganiza kuti ndiye Chichewa chenicheni, koma kulangiza banja ndi udindo wa ankhoswe ndi alangizi, ndipo mnyamata wosakwatira akamaponya miyambi ya ukwati akulu amangomuyang'ana. Kukweza matambula kwa kumapeto tinakusinthanso, popeza phwandolo linalibe mowa. M'malo mwake besitimani anapempha amayi nthungululu ndi abambo m'manja.

Kuti mudziwe ngati mawu akonzeka, awerengeni mokweza pamaso pa munthu wamkulu wakuchikazi, monga azakhali a mkwatibwi, kudakali masiku. Mukawerengera anzanu okha mudzanyengeka, chifukwa iwo aseka chilichonse. Muholo zizindikiro za kulakwika zimaoneka msanga: akuseka ndi a tebulo la achinyamata okha, amayi ayamba kukonzakonza zitenje maso ali pansi, mkwatibwi akumwetulira mouma, ndipo wotsogolera mwambo akukodola woimba nyimbo kuti alowererepo. Mukaona chimodzi mwa izi, dumphani nthabwala zotsalazo, pitani pa mawu oyamikira mkwatibwi ndi makolo ake, mukhale pansi.