Kupatsa ndi Kutenga m'Aneni Ophatikiza a Chihindi: Ndemanga pa Lamulo la M'mabuku Ophunzitsira

1. Chiyambi

Mabuku ambiri ophunzitsa Chihindi amapereka lamulo lalifupi lokhudza aneni aŵiri othandizira, *denaa* 'kupatsa' ndi *lenaa* 'kutenga'. Amati *denaa* amasonyeza kuti ntchito yachitidwira munthu wina, ndipo *lenaa* amasonyeza kuti wochitayo wadzichitira yekha. M'nkhani ino tikufuna kuunika lamuloli. Maganizo athu ndi akuti lamulolo si labodza, koma limatchula mbali imodzi yokha ya chinthu chachikulu, ndipo wophunzira kapena wolemba mtanthauziramawu amene angalitenge monga lokwanira adzasokera. Zitsanzo tazilemba m'malembo athu. Lembo la liwu lobwerezedwa likuimira liwu lalitali, ndipo *n* wa kumapeto kwa *nahiin* ndi *kahiin* akuimira liwu lotulukira m'mphuno.

2. Kapangidwe ka mneni wophatikiza

Mneni wophatikiza amapangidwa ndi aneni aŵiri. Woyamba amaima ali tsinde lokhalokha, ndipo ndiye amatchula ntchito. Wachiŵiri amasenza zizindikiro za nthaŵi ndi za mgwirizano, koma tanthauzo lake la masiku onse limazilala. Mu *parh liyaa*, tsinde *parh* ndi la mneni *parhnaa* 'kuŵerenga', ndipo *liyaa* ndi *lenaa* m'nthaŵi yakale. Komabe palibe chimene chatengedwa ndi manja. Umboni woti tanthauzo lazilaladi ndi wakuti aneni aŵiriŵa amatha kudzithandizira okha: *le lenaa* 'kutenga n'kusunga' ndi *de denaa* 'kupereka n'kusiyana nacho' ndi mawu a tsiku ndi tsiku, ndipo palibe Mhindi amene amamva kuti chinthucho chatengedwa kapena chaperekedwa kaŵiri.

S. H. Kellogg, m'galamala yake ya 1876, adaika aneni otereŵa m'gulu la otsindika. Dzinalo silithandiza kwenikweni, pakuti *parh liyaa* satanthauza kuŵerenga mwamphamvu. Peter Hook, m'buku lake la 1974 lonena za mneni wophatikiza m'Chihindi, adasuntha funso: m'malo mofunsa kokha chimene wothandizira aliyense amawonjezera, adafunsanso malo amene mneni wophatikiza amaloledwa ndi amene amakanidwa. Tibwereranso ku funso limeneli.

3. Pamene lamulo likugwira

Tiyambe ndi zitsanzo zimene zimalikomera lamulolo.

(1) Siitaa ne khat parh liyaa. 'Sita adaŵerenga kalata (payekha, mpaka kumapeto).'
(2) Siitaa ne khat parh diyaa. 'Sita adaŵerenga kalata (kuŵerengera wina).'

Mu (1) uthenga wa m'kalata watsala mwa Sita. Mu (2) uthengawo watuluka, wafika kwa munthu amene mwina sadziŵa kuŵerenga kapena maso ake adafooka. Woŵerenga wa Chichewa aganiza msanga za *adadziŵerengera* ndi *adamuŵerengera*, ndipo kufanana kumeneku kulipodi, koma kuli ndi malire. Msintho womchitira wa *-er-* kapena *-ir-* umawonjezera pamtherankhani: timati *adaŵerengera agogo kalata*. *Denaa* wa mu (2) sachita zimenezo. Ngati Mhindi afuna kutchula wochitiridwayo, amamutchula ndi *ke lie* 'chifukwa cha', monga mu *daadii ke lie* 'chifukwa cha agogo', ndipo mawu ameneŵa amatha kuima ngakhale *denaa* palibe. Choncho pano *denaa* saloŵetsa munthu watsopano m'chiganizo. Amangosonyeza kumene ntchito yalunjika.

Lamuloli limafotokozanso bwino chifukwa chake aneni ena amakonda wothandizira mmodzi. Aneni oloŵetsa chinthu m'thupi kapena m'mutu amayenda ndi *lenaa*: *khaa lenaa* 'kudya', *pii lenaa* 'kumwa', *siikh lenaa* 'kuphunzira', *samajh lenaa* 'kumvetsa'. Aneni omweŵa akaloŵa mu msintho wochititsa amatembenukira kwa *denaa*: *khilaa denaa* 'kudyetsa', *sikhaa denaa* 'kuphunzitsa', *samjhaa denaa* 'kufotokozera'. Munthu sangadyere mnzake chakudya kuti mnzakeyo akhute, n'chifukwa chake *khaa denaa* samveka.

4. Pamene lamulo likuterereka

Tsopano titenge mneni mmodzi, *rakhnaa* 'kuika, kusunga', timuyese m'chochitika chimodzi. Munthu wabweza ngongole kwa mnzake, ndalama zili m'manja. Mwini ndalamayo angayankhe m'njira ziŵiri:

(3) Paise rakh lo. 'Sunga ndalamazo (zikhale zako, kapena zikhale kwa iwe).'
(4) Paise mez par rakh do. 'Ika ndalamazo patebulo.'

Wina angati (4) ikugwirizana ndi lamulo chifukwa wouzidwayo akuikira mwini ndalama. Koma chiganizo chomwecho chinganenedwe kwa mwana amene watola ndalama zosamuyenera, ndiponso munthu ali yekha m'nyumba angathe kunenedwa kuti *rakh diyaa* katundu pansi chifukwa chotopa. Pamenepo palibe wochitiridwa. Chimene sichisintha m'zochitika zonsezi n'chakuti chinthucho chachoka m'manja mwa wochita. Mu (3) namonso, wouzidwayo angakhale akungomusungira mnzake, osapindula kanthu. Chimene *lo* akunena n'chakuti ndalamazo zitsala kwa iye.

Zitsanzo zina zimapita patali kuposa apa.

(5) Raam ne gilaas tor diyaa. 'Ramu adaswa tambula.'
(6) Raam ne chaabii kho dii. 'Ramu adataya kiyi.'
(7) Bachchaa ro diyaa. 'Mwana adangoyamba kulira.'
(8) Raam chal diyaa. 'Ramu adanyamuka.'

Mu (5) ndi (6) palibe amene wathandizidwa. Ngati pali wokhudzidwa, ndiye kuti walakwiridwa. Mu (7) ndi (8) mulibe ngakhale pamtherankhani. Misozi yatuluka yosaletseka, ndipo munthu wachoka pamalo. Tiyenera kuonanso kuti m'ziganizo ziŵiri zomalizazi mwininkhani alibe *ne*, kachizindikiro kamene kamatsata wochita pamene mneni woyambukira ali m'nthaŵi yakale yosonyeza ntchito yotsirizika. *Denaa* payekha ndi woyambukira ndipo amafuna *ne*, koma pano wagonjera tsinde losayambukira. Umenewu ndi umboni wina woti iye sakunenanso za kupatsa.

*Lenaa* nayenso ali ndi mbali imene lamulo silitchula. Chiganizo chakuti *Raam hindii bol letaa hai* sichitanthauza kuti Ramu amadziyankhulira Chihindi, koma kuti amachitha ndithu, amakwanitsa kuchiyankhula. Momwemonso *manaa lenaa* ndi kunyengerera munthu mpaka avomere, ndipo *ro lenaa* ndi kulira mpaka mtima utapepuka. Tikaika *ro lenaa* pambali pa *ro denaa* wa mu (7), tiona kusiyana kwenikweni: kulira kwina n'kotuluka mwadzidzidzi, kwina n'kwakuti wolirayo wapezamo mpumulo.

Choncho ife tinganene kuti *denaa* amaonetsa ntchito ikuchoka kwa wochita, ndipo *lenaa* amaonetsa zotsatira zake zikubwera kapena zikutsala kwa iye, kaya zotsatirazo ndi chinthu, nzeru, mpumulo kapena chipambano. Kuchitira wina ndi kudzichitira ndi nthambi chabe za tsinde limeneli, ndipo zimaphuka pokhapokha pamene tanthauzo la mneni woyamba ndi chochitikacho zilola.

5. Chimene aŵiriŵa ali nacho pamodzi

Cholakwa chachikulu cha lamulo la m'mabuku n'chakuti limaika *denaa* ndi *lenaa* moyang'anizana, n'kuiŵala kuti onse aŵiri amayang'anizananso ndi mneni wosaphatikiza. Mhindi angathe kunena kuti *Siitaa ne khat parhaa*, kenaka n'kuwonjezera kuti sadaimalize, ndipo palibe chododometsa. Koma akanena kuti *parh liyaa*, kuwonjezera koteroko kumamveka ngati kudzitsutsa, chifukwa wothandizirayo watseka kale ntchitoyo. Iyi ndiyo mfundo imene kafukufuku wa Hook adaitsindika: mneni wophatikiza amaonetsa ntchito monga yathunthu, yofika pamapeto pake.

Njira yosavuta yoyesera zimenezi ndi kukana. Ziganizo (1) ndi (2) zikakanidwa mwa nthaŵi zonse, zimasanduka chiganizo chimodzi:

(9) Siitaa ne khat nahiin parhaa. 'Sita sadaŵerenge kalata.'

Wothandizira wagwa, ndipo kusiyana kwa kudziŵerengera ndi kuŵerengera wina kwagwa naye. Chichewa sichitero: *sadamuŵerengere* ndi *sadadziŵerengere* amakhalabe osiyana. Chikhala kuti ntchito yaikulu ya *denaa* inali kutchula wochitiridwa, sipakadakhala chifukwa choti athaŵe mawu okana. Amathaŵa chifukwa ntchito imene sidachitike ilibe mapeto oti aonetsedwe. Pa chifukwa chomwecho, othandiziraŵa kaŵirikaŵiri saima ndi *rahaa*, chizindikiro cha ntchito imene ili m'kati.

Malo amene kukana kumaloledwa amatsimikiza mfundo yomweyi m'malo moitsutsa:

(10) Kahiin Raam khat parh na le. 'Kuopa kuti Ramu angaŵerenge kalatayo.'

Pano *na* alipo ndipo *le* sadagwe, chifukwa woyankhulayo sakukana kuti ntchito idachitika. Iye akuiona m'maganizo ili yathunthu, Ramu atadziŵa zonse za m'kalatamo, ndipo chimenecho ndicho akuchiopa. Zimachitikanso chimodzimodzi m'ziganizo za *jab tak ... na* 'mpaka pamene', m'mene ntchito ikuyembekezedwa kuti ifike pamapeto.

6. Mawu otsiriza

Kwa okonza mabuku a chiyankhulo, zimene taonazi zili ndi zotsatira ziŵiri. Choyamba, buku lophunzitsira liyenera kuphunzitsa (1), (2) ndi (9) pamodzi, kuti wophunzira aone kuyambira pachiyambi kuti kusankha kuli patatu, osati paŵiri. Wophunzira amene wangomva za kuchitira wina ndi kudzichitira adzaika wothandizira m'ziganizo zokana, ndipo adzamusiya pamene palibe wopindula, monga mu (5), pamene Mhindi akadamuika.

Chachiŵiri, mtanthauziramawu sangadalire lamulo lokha. *Parh lenaa* ndi *parh denaa* angathe kudziŵika kuchokera ku lamulo, koma *chal denaa*, *ro denaa* ndi *manaa lenaa* ayenera kulembedwa pansi pa mneni woyamba, aliyense ndi chiganizo chake chathunthu, chosonyeza ngati mwininkhani atenga *ne* kapena ayi. Pansi pa mneni wonga *khaanaa* payenera kulembedwanso kuti *denaa* saloledwa, pakuti wophunzira amene sadauzidwe zimenezi adzampanga yekha potsata lamulo.